Momwe mungalowetsere mawu a munthu wina m'ndime yanu ndi mawu otsogolera

Taonani ndime iyi. Tiyerekeze kuti wailemba ndi wophunzira wa Folomu 4 kapena wa chaka choyamba ku koleji, ndipo nkhani yake ndi ya maphunziro aulere a ku pulayimale:

> Boma la Malawi linachotsa sukulu fizi ku pulayimale m'chaka cha 1994. "Anthu onse ali ndi ufulu wa maphunziro." Ana ambiri analembetsa sukulu chaka chimenecho. "Ndinali ndi ana 140 m'kalasi imodzi, ndipo ena ndinkawaphunzitsira pansi pa mtengo." Izi zikuonetsa kuti panali mavuto.

Mitengero ilipo, ndipo mawu ali m'kati mwake sanalakwike. Koma owerenga akafika pa chiganizo chachiwiri amaima. Wanena zimenezi ndani? Pulezidenti, nduna, lamulo, kapena wolembayo? Akafika pa chiganizo chachinayi amaimanso, chifukwa mwadzidzidzi mwatulukira munthu wina woti "ndinali", ndipo sanauzidwe kuti ndi yani, anali kuti, komanso chaka chiti. Mawu onse awiri angoponyedwa m'ndimemo okhaokha. Chimene chikusowa ndi mawu otsogolera: kachigawo ka chiganizo kamene kamauza owerenga mwini mawuwo, ndi momwe akuyenera kuwamvera, asanawawerenge.

Pamsonkhano wa m'mudzi mlendo sangodzuka n'kuyamba kuyankhula. Woyendetsa mwambo amayamba wanena kuti awa ndi a uje, achokera kwakuti, ndipo abwera ndi nkhani yakuti. Ntchito ya mawu otsogolera ndi yomweyo. Tikonza ndime ili pamwambayi pang'onopang'ono mpaka iyere. Mawu oyambawo ndi a m'malamulo oyendetsera dziko la Malawi, ndipo tawamasulira kuchokera m'Chingerezi. Mawu achiwiriwo, a mphunzitsi, tangowapeka kuti tiphunzirirepo.

Choyamba: nenani mfundo yanu musanaitane mboni

Musanatsegule mitengero, lembani chiganizo chimodzi cha inu eni chonena chimene mukufuna owerenga akhulupirire. Mawu a munthu wina amabwera kudzaikira umboni mfundo imeneyo, sabwera kudzalowa m'malo mwake. M'ndime yathu ija, mfundo imene mphunzitsi akuikira umboni sinanenedwe n'komwe. Pangolembedwa kuti ana ambiri analembetsa sukulu. Mfundo yeniyeni ndi yakuti chiwerengero cha ana chinakwera mofulumira kuposa zipinda ndi aphunzitsi amene analipo. Ikalembedwa imeneyo, mawu a mphunzitsi uja amapeza pokhala.

Ngati mukulephera kulemba chiganizo chimenechi, ndiye kuti simunadziwe chifukwa chimene mwatengera mawuwo. Achotseni, kapena dikirani mpaka mutadziwa.

Chachiwiri: tchulani mwini mawu, ndi chimene chikumuyenereza kuyankhula

Dzina lokha silikwana pokhapokha ngati mwini wake ndi wodziwika kwa aliyense. Owerenga akufuna kudziwa chifukwa chomumvera. Choncho, koyamba kumutchula munthu, perekani dzina lonse ndi udindo umodzi umene ukukhudza nkhaniyo. Umodzi basi. Ngati mphunzitsi wathu uja alinso mkulu wa mpingo komanso mlimi wa fodya, zimenezo sizikulowa muno. Chomwe chikulowa ndi chakuti ankaphunzitsa Sitandade 1 m'chaka cha 1994, chifukwa ndicho chikupatsa mphamvu mawu ake. Mukamutchulanso kachiwiri, dzina la makolo lokha likwana, kapena mawu monga "mphunzitsiyu".

Munthu akapempha kuti dzina lake lisatchulidwe, udindo ndi malo zimagwirabe ntchito: "mphunzitsi wina amene ankaphunzitsa Sitandade 1 pa sukulu ya kumudzi m'boma la Dedza". Onetsetsani kuti zomwe mwatchulazo sizikumuulula.

Ngati mawu achokera m'chikalata, tchulani chikalatacho ndi malo ake enieni. "Malamulo amati" n'kochepa, chifukwa malamulo ndi ambiri. Lembani kuti "gawo 25 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi". Kutchula malo enieni kumakutetezaninso inuyo. M'ndime yoyamba ija, mawu a ufulu wa maphunziro aikidwa pambuyo pa chiganizo cha kuchotsedwa kwa fizi, moti owerenga angaganize kuti mawu amenewo ndiwo akunena za maphunziro aulere. Koma gawo 25 likunena za ufulu wa maphunziro. Zoti boma liyesetse kuti maphunziro a ku pulayimale akhale aulere ndi okakamiza zili m'gawo 13, lomwe lili ndi mfundo zotsogolera ndondomeko za boma. Wolemba amene wadzikakamiza kulemba nambala ya gawo amabwerera ku chikalatacho, ndipo amaona yekha kusiyanaku.

Pa nkhani ya ulemu, sankhani njira imodzi n'kuisunga mpaka pamapeto. Mukayamba ndi "a Phiri", mlowam'malo wake ndi "iwo", ndipo mudzalemba "m'kalasi mwawo". Mukayamba ndi "Phiri" yekha, monga amachitira olemba nkhani m'nyuzipepala ndi m'zolemba za ku koleji, mlowam'malo ndi "iye", ndipo mudzalemba "m'kalasi mwake". Kusakaniza ziwirizi m'ndime imodzi kumachititsa owerenga kuganiza kuti oyankhula ndi anthu awiri. Kupatsa wina "a" n'kumumana mnzake amene akutsutsana naye kumaonetsa mbali imene mwaima, ngakhale simunafune kutero.

Chachitatu: sankhani mneni wonena zoona

Apa ndi pofunika kukhazikikapo, chifukwa mneni wa m'mawu otsogolera ndi chigamulo chanu pa zimene munthuyo ananena. Werengani ziganizo izi, zomwe mawu a m'mitengero ake ndi amodzimodzi:

> Mphunzitsiyu anati, "Ndinali ndi ana 140 m'kalasi imodzi."
> Mphunzitsiyu anadandaula kuti, "Ndinali ndi ana 140 m'kalasi imodzi."
> Mphunzitsiyu anavomereza kuti, "Ndinali ndi ana 140 m'kalasi imodzi."
> Mphunzitsiyu anaulula kuti, "Ndinali ndi ana 140 m'kalasi imodzi."

Choyambacho sichikuweruza chilichonse. Chachiwiri chikuti zinamuwawa, ndipo mungachilembe pokhapokha ngati analidi kudandaula, osati kunyadira kuti anakwanitsa. Chachitatu chikupereka chithunzi chakuti anapanikizidwa ndi mafunso, kapena kuti nkhaniyo sinali yomukomera. Chachinayi chikuti chinali chinsinsi, pomwe kuchuluka kwa ana m'makalasi aliyense ankakuona ndi maso. Mneni mmodzi wolakwika angamusandutse munthu wolakwa pa zomwe anangofotokoza.

Choncho yambirani pa aneni osakondera: anati, ananena kuti, anafotokoza kuti, analemba kuti. Chokanipo pokhapokha muli ndi umboni. "Anatsindika kuti" ndi "ananenetsa kuti" amafuna kuti munthuyo anabwerezadi mfundoyo kapena kuinena mwamphamvu. "Anachenjeza kuti" amafuna kuti m'mawumo mukhale choopsa chimene chikubwera. "Anatsutsa" amafuna kuti owerenga akhale atamva kale chimene chikutsutsidwa. "Analonjeza" ndi wolemera kwambiri, makamaka pa andale: munthu amene anati "tiona ngati ndalama zipezeka" sanalonjeze kanthu. Ndipo "anatsimikiza kuti" kapena "anaonetsa kuti" akutanthauza kuti inuyo mwakhutira nazo. Ngati simunakhutire, musawagwiritse ntchito.

Ophunzira ambiri amaopa kubwereza "anati", ndiye amasinthasintha aneni pofuna kukometsa. Mantha amenewa ndi opanda pake. Owerenga sasautsidwa ndi "anati" ngakhale abwere kanayi pa tsamba limodzi, koma amasokonezeka ndi "anaulula" woikidwa pamalo posayenera.

Samalani ndi "akuti". Akakhala ndi mwini wake pafupi, monga "nduna ya zamaphunziro ikuti" kapena "a Phiri akuti", palibe vuto. Koma akaima yekha kumayambiriro kwa chiganizo, amamveka ngati mphekesera: "Akuti ana ankaphunzirira pansi pa mtengo." Wowerenga aliyense wa Chichewa amamva kuti wolembayo wangomva zam'maluwa ndipo sakufuna kuziikira kumbuyo. Chimodzimodzi "ati". M'chimangirizo chofuna umboni, "akuti" wopanda mwini sakutsogolera mawu a wina aliyense.

Nthawi ya mneni nayo ili ndi lamulo lake losavuta. Zomwe munthu anayankhula tsiku lina zimatenga nthawi yakale: anati, ananena. Chikalata chimene chikugwirabe ntchito chimatenga nthawi yatsopano, chifukwa ukachitsegula lero chikunenabe zomwezo: likuti, limanena kuti. Ngati mumalemba "adati" m'malo mwa "anati", palibe cholakwika, koma musasakanize -da- ndi -na- m'nkhani imodzi. Onaninso mgwirizano wa dzina ndi mneni: gawo likuti, lipoti likuti, chikalata chikuti, nyuzipepala ikuti, mwambi umati, malamulo amati. Cholakwika chofala ndi "gawo 25 la malamulo akuti", pomwe mneni watsatira "malamulo" m'malo motsatira "gawo".

Chachinayi: lumikizani, ndipo ikani zizindikiro m'malo mwake

Njira zolumikizira zilipo zinayi, ndipo iliyonse ili ndi pomwe imayenera.

Yoyamba ndi ya masiku onse: mwini mawu, mneni, mpatuliro, kenako mitengero, ndipo mawu a m'katimo amayamba ndi lembo lalikulu ngati ali chiganizo chathunthu. *Mphunzitsiyu anati, "Ndinali ndi ana 140 m'kalasi imodzi."* Musalembe "anati kuti". Mneni "-ti" ndi wokwana payekha, ndipo "kuti" amatsatira aneni ena monga ananena, anafotokoza, analemba. Musaphatikizenso njira ziwiri n'kulemba "Malinga ndi mphunzitsiyu, anati". Sankhani chimodzi: "malinga ndi mphunzitsiyu" kapena "mphunzitsiyu anati".

Yachiwiri ndi chiganizo chathunthu chotsatiridwa ndi madontho awiri. Imeneyi ndi yamphamvu kuposa zonse chifukwa imanena mwini mawu ndi mfundo yake nthawi imodzi. *Gawo 25 la malamulo oyendetsera dziko silikupatula munthu aliyense: "Anthu onse ali ndi ufulu wa maphunziro."* Kuti mudziwe ngati madontho awiri ali oyenera, phimbani ndi chala mawu a m'mitengero. Chotsalacho chikaima pachokha ngati chiganizo, ali oyenera.

Yachitatu ndi kuluka mawu ochepa a mwiniwake m'chiganizo chanu, popanda mpatuliro kapena lembo lalikulu. *Malinga ndi mphunzitsiyu, ana ena ankaphunzirira "pansi pa mtengo" chifukwa chipinda sichinkawakwana.* Njira imeneyi ndi yabwino pamene mawu awiri kapena atatu okha ndiwo ali ndi kulemera, ndipo ena onse mungawanene bwino inu eni.

Yachinayi ndi kuika mawu otsogolera pakati kapena pamapeto. *"Ndinali ndi ana 140 m'kalasi imodzi," anatero mphunzitsiyu, "ndipo ena ndinkawaphunzitsira pansi pa mtengo."* Pamapeto timalemba "anatero" chifukwa akuloza zomwe zanenedwa kale, ndipo n'chifukwa chake sayenera kutsogolera mawu amene sanabwere. Mukadula chiganizo pakati, dulani pomwe mwiniwake akanapumira, osati pakati pa dzina ndi mfotokozi wake. Atolankhani amaikonda njira imeneyi, koma imayenda bwino pokhapokha ngati ndime yapitayo yatchula kale woyankhulayo. Ikakhala koyamba, owerenga amamaliza chiganizo chonse asanadziwe amene akumumva.

Tsopano vuto limene limagwetsa ambiri. M'Chichewa, "kuti" amatsogolera zoyankhula mwini komanso zoyankhula wina, moti chosiyanitsa ndi mitengero ndi alowam'malo basi. Onani chiganizo ichi:

> Mphunzitsiyu ananena kuti ndinali ndi ana 140.

Popanda mitengero, amene anali ndi ana 140 ndi wolembayo. Kukonza kwake n'kuwiri. Bwezerani mitengero n'kusiya "ndinali" momwe alili, kapena musaike mitengero koma sinthani kuti akhale "anali". Chosaloledwa ndi kusintha "ndinali" kukhala "anali" m'kati mwa mitengero, chifukwa mukatero mwaika m'kamwa mwa munthu mawu amene sananene. Mawu oloza malo ndi nthawi amavutanso chimodzimodzi. Mphunzitsi akati "kuno kunalibe mabuku chaka chija", owerenga sadziwa "kuno" ndi "chija". Musasinthe mawu akewo. Ikani malo ndi chaka m'mawu otsogolera: *Pokumbukira chaka cha 1994 pa sukulu yake ya ku Dedza, mphunzitsiyu anati, "Kuno kunalibe mabuku chaka chija."*

Chachisanu: musathawe mukatseka mitengero

Ndime yoyamba ija inatha ndi "Izi zikuonetsa kuti panali mavuto", chiganizo chimene chingaikidwe pansi pa mawu aliwonse. Chiganizo chotsatira mitengero chigwire kanthu kenikeni m'mawuwo, nambala kapena liwu limodzi, n'kunena tanthauzo lake pa mfundo yanu. Musabwereze zomwe munthuyo wanena m'mawu ena. Nenani zomwe iye sananene koma zikutuluka m'mawu akewo. Chiganizo chimodzi kapena ziwiri zimakwana.

Nayi ndime ija itakonzedwa:

> Boma la Malawi linachotsa sukulu fizi ku pulayimale m'chaka cha 1994, chaka chomwe dziko linalandiranso malamulo atsopano oliyendetsera. Gawo 25 la malamulowo, tikalimasulira m'Chichewa, silikupatula munthu aliyense: "Anthu onse ali ndi ufulu wa maphunziro." Mawu akuti "onse" akuphatikiza mwana wa mlimi amene kale ankabwezedwa chifukwa chosowa fizi. Ana oterewa anabweradi, moti chiwerengero cha olembetsa chinachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni, koma zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Mphunzitsi wina amene ankaphunzitsa Sitandade 1 m'boma la Dedza chaka chimenecho anati, "Ndinali ndi ana 140 m'kalasi imodzi, ndipo ena ndinkawaphunzitsira pansi pa mtengo." Mphunzitsi mmodzi sangaone kope la mwana aliyense pa gulu lotere, choncho ufulu wolowa m'kalasi unafika msanga kuposa mwayi wophunziradi.

Ndimeyi yatalika pafupifupi katatu, koma mawu a m'mitengero sanasinthe ngakhale limodzi. Zonse zoonjezerazo ndi ntchito ya wolemba. Onaninso kuti mawu awiriwo alowa m'njira zosiyana, oyamba ndi madontho awiri, achiwiri ndi "anati", ndipo kusiyanako kwachokera ku zomwe mawuwo akuchita, osati kufuna kukometsa.

Mawu omasuliridwa, miyambi ndi mawu ataliatali

Olemba Chichewa nthawi zambiri amatenga mawu m'zikalata za Chingerezi. Mitengero imalonjeza owerenga kuti awa ndi mawu enieni a mwiniwake, pomwe omasuliridwa ndi anu ndi ake pamodzi. Choncho nenani m'mawu otsogolera kuti mwamasulira, monga tachitira ndi "tikalimasulira m'Chichewa", kapena "poyankhula m'Chingerezi, iye anati". Kamodzi n'kokwana ngati mawu onse a munthuyo ali omasuliridwa. Mukakayikira kumasulira kwanu, chotsani mitengero n'kufotokoza mfundoyo ngati zoyankhula wina, dzina la mwiniwake lili pomwepo.

Mwambi ulibe mwini mmodzi, koma nawonso usaponyedwe wokha. "Akuluakulu amati" ndi mawu otsogolera okwanira, bola chiganizo chisonyeze chomwe mwambiwo ukugwira: *Makolo anayamba kuumba njerwa za zipinda zatsopano mogwirizana, pakuti akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga.* Koma "akuluakulu amati" ndi wa miyambi yokha. "Akatswiri amati" kapena "ofufuza apeza kuti", popanda kutchula katswiriyo kapena kafukufukuyo, ndi "akuti" uja wangovala jekete.

Ku koleji mudzafunsidwa kuonjezera chaka ndi tsamba. M'kalembedwe ka APA, komwe ndi njira imodzi yotchulira komwe mwatenga mawu, chaka chimabwera m'mikutiramawu pambuyo penipeni pa dzina la wolemba, ndipo nambala ya tsamba imabwera mitengero itatsekedwa. Dzina ndi chaka zoikidwa kumapeto kwa mawu oponyedwa okha sizichotsa vuto lija, chifukwa owerenga amazipeza atamaliza kale kudabwa. Kalembedwe komweko kamati mawu okwana 40 kapena kuposerapo aikidwe pamzere wawo, olowetsedwa m'kati pang'ono, opanda mitengero. Mawu otere amafunika kuwatsogolera ndi chiganizo chathunthu chothera pa madontho awiri, ndipo chiganizocho chiuze owerenga choti ayang'ane m'mizere yonseyo. Musanatero, yesani kuwadula. Kawirikawiri pa mawu 40 pamakhala 10 okha amene mfundo yanu ikuwafuna.

Kuyesa ntchito yanu musanaipereke

Tengani cholembera n'kuzunguliza mtengero uliwonse wotsegula. Yang'anani chizindikiro chimene chili kumbuyo kwake. Ngati ndi mpumiro, ndipo pambuyo pa mawuwo palibe "anatero", mawuwo aponyedwa okha. Kenako werengani ndimeyo mokweza kwa mnzanu amene sakuona pepalalo. Mitengero simveka m'khutu, choncho iye adzadalira mawu otsogolera okha. Muuzeni akweze dzanja pomwe akuganiza kuti wayamba kuyankhula ndi munthu wina, ndipo anene kuti ndi yani. Akachedwa kukweza dzanja, mawu otsogolera abwera mochedwa kapena palibe. Akatchula munthu wolakwika, yang'anani "iye" kapena "iwo" amene ali pafupi, chifukwa nthawi zambiri m'ndimemo muli anthu awiri amene mlowam'maloyo angawaimire, ndipo muyenera kubwezerapo dzina. Pomaliza, bwererani ku chikalata kapena ku zomwe munajambula pofunsa mafunso, muyerekeze liwu ndi liwu, ndipo muonenso ngati mneni amene mwasankha akugwirizana ndi momwe munthuyo anayankhulira.